Msonkho wa pa boda mu 2025: kodi amawerengera reti ya dola iti?

NaPhiri_Matawale
Anzanga a pagulu pano ndithandizeni, mutu wandiima. Ndinaitanitsa makatani ndi nsalu zoyala pabedi kuchokera ku China, za kashopu kanga ka pafupi ndi msika waukulu. Invoisi ndi ya madola 2,000. Ejenti anandiuza kale kuti katundu wotere amalipira 25 peresenti, ndiye ine ndinawerengera pa K1,750 dola imodzi, ndinapeza K875,000, n'kuisunga padera. Lero wanditumizira uthenga kuti ndipereke K1,996,000 ndi kakuti. Kuposa kuwirikiza kawiri! Kodi pa boda anasiya kugwiritsa ntchito reti ya kubanki n'kuyamba ya anyamata a pamsewu? Kapena ejentiyu akufuna kundidyera? Katundu waima, ndipo akuti akachedwa ndilipiranso malo osungira.

Mpondabwino77
Akudyerani mayi, palibenso china. Maejenti ambiri ndi choncho, akaona kuti ndinu watsopano amangotchula nambala.

Sadzi_Kumtunda
Ine ndinamva kuti masiku ano amatenga reti ya pa bulaki chifukwa amadziwa kuti ndi komwe tonse timagula dola. Mwina n'zimenezo.

KalalikiWakale
Ayi achimwene a ku Sadzi, zimenezo si zoona, ndipo musamazifalitse. Ndagwira ntchito yokiliyalitsa katundu nthawi yaitali, sindinaonepo pepala la msonkho lowerengedwa pa reti ya pamsewu. MRA imagwiritsa ntchito makina a ASYCUDA World, ndipo reti imakhala yoikidwa kale m'makinamo potsatira mtengo wovomerezeka wa kwacha, womwe gwero lake ndi Reserve Bank. Ejenti salemba reti ndi dzanja lake. Iye amalemba mtundu wa ndalama, kaya USD, ZAR kapena ina, ndi kuchuluka kwake, makina n'kusandutsa okha kukhala makwacha.

Mayi NaPhiri, tisanamuweruze ejenti wanuyo, tandiyankheni izi. Munalipira zingati kuti katunduyo anyamulidwe kuchoka ku China mpaka kulowa m'dziko muno? Inshuwalansi inalipo?

NaPhiri_Matawale
Bambo Kalaliki, zonyamulira zonse, sitima ya pamadzi mpaka ku Dar es Salaam ndi thiraki yobwera nayo kuno, gawo langa m'kontena linali madola 480. Inshuwalansi madola 20. Koma zimenezo ndinalipira kale kwa onyamulawo, zikukhudzana bwanji ndi boma?

KalalikiWakale
Pamenepo ndi pomwe pali nkhani yonse. Msonkho suwerengedwa pa mtengo wa pa invoisi wokha. Amatenga mtengo wa katundu, kuphatikiza ndalama yomunyamulira mpaka polowera m'dziko muno, kuphatikizanso inshuwalansi. Papepala mudzaona palembedwa CIF. Ganizo lake ndi lakuti katundu wanu ali pa boda saalinso wa madola 2,000 ngati mmene analili m'fakitale, mtengo wake wakwera ndi zonse zimene mwawononga kuti afike pamenepo. Kwa inu ndiye kuti 2,000 kuphatikiza 480 kuphatikiza 20, zikukwana madola 2,500.

Tsopano apa ndi pomwe reti imalowa, ndipo imalowa kamodzi kokha. Madola 2,500 kuchulukitsa ndi K1,750 yomwe mwatchulayo ikupereka K4,375,000. Uwu ndiwo mtengo wa katundu wanu pamaso pa a kasitomu. Zonse zotsatira zimawerengedwa m'makwacha kuchokera pa nambala imeneyi.

Dyuti ya 25 peresenti pa K4,375,000 ndi K1,093,750. Muona kale kuti yadutsa K875,000 yanu ija, chifukwa cha madola 500 omwe simunawawerengere.

Kenako pali VAT, yomwe mwina ejenti sanakutchulireni poyamba paja. VAT siwerengedwa pa K4,375,000 ayi. Amayamba aphatikiza mtengo wa katundu ndi dyuti ija, kukhala K5,468,750, ndiyeno n'kutengapo 16.5 peresenti, yomwe ndi VAT ya mu 2025. Imeneyo ndi K902,344. Mukaphatikiza dyuti ndi VAT mupeza K1,996,094.

Tafanizirani ndi nambala yomwe wakutumizirani ejenti uja.

NaPhiri_Matawale
Ndi yomweyo ndendende, K1,996,094. Ndiye kuti VAT ndikulipiranso pamwamba pa dyuti yomwe?

KalalikiWakale
Eya mayi, imasanjikizana choncho. Ndipo katundu wanu akanakhala wa gulu lokhala ndi eksaizi, monga galimoto, mowa kapena fodya, eksaiziyo ikanalowa pakati. Ikanawerengedwa pa mtengo wa katundu ndi dyuti, kenako VAT pamwamba pa zonse zitatu. Kwa katundu ngati wanuyu, wa 25 peresenti wopanda eksaizi, njira yachidule ndi kudziwa kuti pa VAT ya 16.5 peresenti msonkho wonse umakhala pafupifupi 45.6 peresenti ya CIF. Ejenti wanu sanakubereni, koma analakwitsa kukuuzani 25 yokha ngati kuti nkhani yathera pomwepo.

Mpondabwino77
Chabwino, uyu wapulumuka. Koma ine sindisintha maganizo, alipo ena amene amaonjezera zawo. Mayi musatumize ndalama musanaone pepala lenileni lochokera m'makina.

KalalikiWakale
Apo ndikugwirizana nanu achimwene. Muuzeni akutumizireni chithunzi cha Assessment Notice. Pamenepo pamaoneka msonkho uliwonse pamzere wakewake, ndi nambala ya dikilareshoni, fomu yomwe ejenti amalembetsera katundu wanu kwa a kasitomu. Malipiro a ejentiyo akhale pa risiti ina, asasakanize ndi za boma.

Aunt_wa_Chikanda
Pepani kulowerera. Ine funso langa ndi loti nanga ndalama zija amatitumizira achibale a ku Joni pa foni, amadulanso dyuti? Mchemwali wanga akatumiza R1,000 imafika yochepa kwambiri.

Thondwe_Loweruka
Anti, imeneyo ndi nkhani ina. Dyuti ndi ya katundu wolowa, osati ndalama. Zomwe zikuchepetsa yanuyo ndi malipiro a kampani yotumizira ndi reti yomwe amasinthira.

Chinamwali_Spares
Ine ndikufuna ndibwerere pa zomwe ananena a ku Sadzi, chifukwa ngakhale analakwitsa, bala lomwe akhudzalo lilipo. Ndimagulitsa zipangizo za njinga zamoto za anyamata a kabaza. Kubanki ndikapempha madola amati dikirani, mwezi umatha, miyezi iwiri, osapeza kanthu. Mapeto ake munthu umakagula kwina pamtengo wokwera. Ndiye ukafika pa boda boma likuti dola ndi K1,750, pamene iwe ukudziwa kuti unaigula pa K3,000. Kodi kumeneko si kunamizana? Boma likuwerengera katundu wanga pamtengo womwe palibe wamalonda wamng'ono amene amaupeza.

Mphunzitsi_Domasi
Achimwene, taganizani bwino musanadandaule. Pa nkhani ya msonkho yokha, reti yotsikayo ikukuthandizani. Tengani katundu wa mayi NaPhiri yemweyu. Madola 2,500 pa K3,000 ndi K7,500,000. Msonkho wake pa 45.6 peresenti ija ukanakhala pafupifupi K3,422,000. Iwo akulipira K1,996,094. Mukufuna kuti a pa boda ayambe kuwerengera pa reti yomwe munagulira?

Chinamwali_Spares
Ayi sindikupempha kuti akweze, aphunzitsi. Ndikunena kuti ngati boma likuti dola ndi K1,750, lindigulitse pa K1,750. Wamkulu amene amapeza dola kubanki ndi ine timalipira msonkho wofanana pa katundu wofanana, koma iye katundu yemweyo wamugula pafupifupi theka la mtengo wanga. Ndipikisana naye bwanji pa shelefu?

Mphunzitsi_Domasi
Pamenepo ndiye mwanena zoona, koma vutolo lili kogula ndalama zakunja, si la pa boda. Msonkhowo ndi malo amodzi okha pomwe inu ndi wamkuluyo mumayesedwa ndi muyeso umodzi.

Chinamwali_Spares
Muyeso umodzi kwa anthu amene sanayambire pamzere umodzi. Ine zimandipweteka ndithu.

Mayi_wa_Jali
Ine ndili ndi nkhani yanga yomwe mpaka lero ndikaikumbukira mtima umawawa. Mu Novembala 2023 ndinali ndi katundu panjira, makina awiri osokera ndi nsalu. Ndinali nditalipira zonse kwa wogulitsa mwezi wa Okutobala, dola ili cha m'ma K1,180. Katundu ali m'njira, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kufika K1,700. Thiraki itafika, msonkho unawerengedwa pa reti yatsopanoyo. Ndinatulutsa pepala la kubanki losonyeza tsiku lomwe ndinalipira ndi reti yake, ejenti anangopukusa mutu, amvekere mayi makina samva zimenezo. Ndinachita kugulitsa mpunga womwe ndinasungira kuti ndidzagulitse mu Januwale. Bambo Kalaliki, kodi pamenepo panalibe chomwe ndikanachita?

KalalikiWakale
Pepani mayi, ambiri analira mwezi umenewo. Ejenti wanu ananena zoona. Tsiku lomwe munalipira wogulitsa siligwira ntchito, ngakhalenso tsiku lolembedwa pa invoisi kapena lomwe katundu anakwera sitima. Reti yomwe imagwira ndi yomwe ili m'makina pa tsiku lomwe dikilareshoni yanu, Form 12 ija, yalembetsedwa. Pepala la kubanki limathandiza kutsimikizira kuti munalipiradi madola angati, koma silisankha reti.

Kuti ena amvetse kukula kwake, titenge madola 2,500 omwe aja ndi misonkho yomweyo. Pa K1,180 mtengo wa katundu ndi K2,950,000, msonkho wake pafupifupi K1,346,000. Pa K1,700 mtengo ndi K4,250,000, msonkho pafupifupi K1,939,000. Kusiyana kwake kukuyandikira K593,000, pa katundu yemweyo, maperesenti omwewo, palibe lamulo la msonkho lomwe lasintha. Kwacha ikagwa, dyuti, eksaizi ndi VAT zimakwera zonse pamodzi chifukwa zonse zaima pa nambala imodzi ija. Zinachitikanso mu Meyi 2022 pomwe kwacha inatsika ndi 25 peresenti.

Chomwe munthu angachite ndi chochepa, koma chilipo. Mapepala onse azifika kwa ejenti katundu asanafike: invoisi, mndandanda wa zomwe zili m'makatoni, pepala la onyamula, ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho. Ndaonapo katundu atakhala pa boda sabata yathunthu chifukwa mwini wake akusakabe invoisi pa foni ya wogulitsa. Masiku amenewo ndi omwe reti ingakusinthireni.

Songani_Boy
Ine ndinamva kuti ukalembetsa dikilareshoni katundu asanafike, reti imatsekeka pomwepo ngakhale kwacha igwe mawa lake. Mnzanga wina amatero ndi matayala ake.

Mpondabwino77
Ine ndikuganiza kuti imatsekeka ukalipira, osati ukangolembetsa. Ukalembetsa n'kukhala osalipira, kapena pakapezeka cholakwika n'kuifafaniza kuti alembe ina, umayambiranso pa reti ya tsiku limenelo.

Songani_Boy
Mnzangayo akuti sanalipire tsiku lomwelo koma nambala sinasinthe.

Mpondabwino77
Mwina reti sinasinthe masiku amenewo. Kuyambira 2024 reti ya boma yakhala nthawi yaitali pamalo amodzi, ndiye angadziwe bwanji kuti inatsekeka?

Likangala_Bridge
Abale, poti tikukamba za katundu, alipo amene akudziwa galimoto yodalirika yonyamula makatoni kuchoka ku Limbe kubwera ku Zomba? Minibasi amaunjika katundu pansi pa mipando, ulendo wathawu mbale zanga zinafika zitasweka.

Aunt_wa_Chikanda
Funsani a malole amene amabweretsa ufa ndi shuga m'magolosale a mumsika, pobwera amakhala ndi malo. Koma mupite nawo nokha kutsogolo.

Likangala_Bridge
Zikomo anti. Nanga ndalama ya lole ya ku Limbe imeneyo, bambo Kalaliki, imalowanso mu CIF?

KalalikiWakale
Ayi. Zonyamulira za mkati mwa dziko, katundu atalowa kale, sizilowa. Ndipo mwandikumbutsa kanthu. Ngati wonyamula wakupatsani mtengo umodzi kuchoka ku Dar es Salaam mpaka pakhomo panu ku Zomba, mpempheni alembe mosiyanitsa gawo la kunja ndi gawo la mkati muno. Akalemba nambala imodzi, n'zosavuta kuti yonseyo iwerengedwe ngati yofikitsira katundu m'dziko.

Thondwe_Loweruka
Ine vuto langa silinali reti. Ndinabwera ndi nsapato kuchokera ku Joni, risiti ya R18,000, koma papepala ndinapeza kuti mtengo awukweza kufika R27,000. Nditafunsa anati risiti yanga ndi yolemba pamanja, ilibe dzina la shopu, ndiye sangaikhulupirire. Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti asintha reti ya randi, mpaka mwana wanga atawerengera.

KalalikiWakale
Nkhani yanuyi ndi yomwe imasokoneza anthu ambiri, ndipo ndi bwino mwaitchula. Msonkho ukabwera wokwera kuposa mmene mumayembekezera, anthu amathamangira kunena reti, pamene nthawi zambiri reti ilibe mlandu. Pali njira yoonera nokha ndi kakyuleta ya pa foni.

Papepala pezani mtengo wa katundu m'makwacha, muugawe ndi ndalama zakunja zomwe inu mukudziwa kuti munawononga, katundu ndi zonyamulira ndi inshuwalansi pamodzi. Yankho likafanana ndi reti yovomerezeka ya tsikulo, yomwe imalembedwanso pa dikilareshoni pomwepo, ndiye kuti mtengo wanu waulandira momwe munaunenera. Kwa mayi NaPhiri, K4,375,000 kugawa ndi 2,500 ikupereka 1,750, palibe chokayikitsa. Koma yankho likatuluka lalikulu kwambiri kuposa retiyo, monga mmene zinalili kwa inu a ku Thondwe pomwe likanatuluka lokwera ndi theka, ndiye kuti chomwe chakwezedwa ndi mtengo wa katundu.

Lamulo limati poyamba atenge mtengo womwe munalipiradi. Akaukayikira pa zifukwa zomveka, amaloledwa kuyang'ana mtengo wa katundu wofanana ndendende ndi wanu yemwe analowa posachedwa, akasowa ayang'ane wofananirako, ndipo pali njira zina zotsatira pambuyo pake. Dongosolo limeneli ndi la mgwirizano wa WTO, bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko, lomwe Malawi ndi membala wake kuyambira 1995. Ndiye chitetezo chanu ndi umboni. Risiti yosindikizidwa yokhala ndi dzina ndi adiresi ya shopu, pepala losonyeza kuti ndalama zinachokadi kwa inu kupita kwa wogulitsa, ngakhale mauthenga omwe munkakambirana mtengo. Mukakhala nazo muli ndi ufulu wopempha kuti mtengo uunikidwenso, ndipo muzipempha polemba kalata, osati pakamwa pawindo.

Chinamwali_Spares
Ndipo apa ndi pomwe ife ogula dola kunja kwa banki timagwa kawiri. Pepala la kubanki tilitenga kuti? Ndalama unapatsa munthu pamanja, iye n'kulipira wogulitsa kuchokera ku akaunti yake ya kunja. Umboni ulibe dzina lako.

KalalikiWakale
N'zoona, ndipo ndilibe yankho lokoma pamenepo. Kusintha ndalama kunja kwa mabanki ndi maofesi ovomerezeka n'koletsedwa, ndiye simungakaime pawindo n'kumati ndinagula kwa wakuti. Chomwe chimatsala ndi invoisi yolongosoka yochokera kwa wogulitsa weniweni, yofotokoza katundu mmodzimmodzi ndi mtengo wake, osati mzere umodzi wongoti zipangizo makatoni khumi.

Thondwe_Loweruka
Nanga paja amati katundu wa ku Joni salipira dyuti chifukwa cha SADC? Ine ndinalipira yonse.

Mphunzitsi_Domasi
Amatha kusalipira ngati anapangidwa konko ndipo muli ndi setifiketi yotsimikizira komwe anapangidwa. Nsapato zambiri za m'mashopu a ku Joni zimachokera ku China, kungodutsira ku South Africa sikuzisandutsa za SADC. Komanso ngakhale dyuti ichotsedwe, VAT mumalipirabe, ndi eksaizi ngati ilipo.

Sadzi_Kumtunda
Ndiye funso langa lomaliza. Ngati ndagula m'marandi, amayamba asandutsa kukhala madola kenako makwacha? Chifukwa pamenepo munthu ungaluze kawiri.

KalalikiWakale
Ayi, randi ili ndi reti yakeyake m'makina, monganso paundi ndi yuro. Ejenti alembe ndalama yomwe ili pa invoisi, asamasandutse yekha pa foni kukhala madola. Chomwe muyang'anitsitse ndi bokosi la mtundu wa ndalama. Ndinaonapo invoisi ya marandi italembedwa USD mwangozi, msonkho unatuluka wowirikiza kakhumi ndi kuposa, mwini katundu anangokhala pansi pakhonde miyendo itafooka. Zinakonzedwa, koma panapita masiku. Zimachitikanso kuti katundu ali m'madola koma zonyamulira zili m'marandi, chilichonse chilembedwe ndi ndalama yake.

NaPhiri_Matawale
Ejenti watumiza chithunzi chija. Mizere ya dyuti ndi VAT ikugwirizana ndi zomwe mwawerengera bambo Kalaliki, ndagawanso ndekha yatuluka 1,750. Palinso kandalama kena kakang'ono ka dikilareshoni, ndi malipiro ake omwe walemba padera. Ndibwereka ku banki mkhonde yotsalayo ndilipire mawa m'mawa. Koma chandivuta tsopano ndi mtengo wogulitsira. Madola anga ndinawapeza modula, msonkho wawerengedwa pa reti ya boma. Ndiwerengere iti poika mitengo pa makatani?

Mphunzitsi_Domasi
Werengerani makwacha enieni omwe anatuluka m'thumba mwanu, mayi. Omwe munagulira madola 2,500, kuphatikiza K1,996,094, ejenti, lole yobweretsa kuno ndi chiwongoladzanja cha banki mkhonde. K4,375,000 ija ndi nambala yowerengera msonkho basi, musaitenge ngati mtengo wogulira katundu wanu.

Chinamwali_Spares
Ine sindiwerengera yomwe ndinagulira, ndimawerengera yomwe ndidzagulire ulendo wotsatira. Mukagulitsa potengera dola ya mwezi watha, ndalama yake siidzakwana kudzadzanso shelefu.

Mayi_wa_Jali
Koma mukakweza choncho adzagula ndani? Makatani si ufa, anthu amatha kudikira mpaka atakolola.

NaPhiri_Matawale
Ndiyamba ndaona kuti anzanga a mzere wa kumtunda akugulitsa bwanji peyala imodzi. Bambo Kalaliki, ulendo wina ndikamaitanitsa ndidzakutumizirani invoisi katundu asananyamuke.

KalalikiWakale
Mudzatumize pamodzi ndi mtengo wa onyamula, ndipo mudzamufunse ejenti HS code yomwe adzalembe, chifukwa peresenti ya dyuti imachokera pa nambala imeneyo. Makatani osokedwa kale ndi nsalu ya pampukutu sizikhala pa nambala imodzi.